Inde, amene anagawa maadiresi ofesi yonse uja ndine, koma mumve kaye

Popeza ena mwayamba kale kunditchula kuti "a DHCP" ndikamadutsa, bola ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanakule n'kufika poti ndinawotcha seva, chifukwa pamene yafika pano ena akuti mpaka bwana analira. Sanalire. Anangotuluka thukuta basi.

Ine ndimangofuna kuphunzira kukhazikitsa seva ya DHCP, yogawa maadiresi pa netiweki, m'kaviyemu, kakompyuta kongoyerekeza ka mu VirtualBox pa laputopu yanga. Kaviyemu kakangobadwa kamakhala pa NAT, ndipo NAT ndi waulemu kwabasi, kaviyemu kamapita pa intaneti kobisala kumbuyo kwa laputopu, rauta imangoona ngati ndi laputopu yomwe ikuyankhula. Kamalandira 10.0.2.15, kutulukira pa 10.0.2.2, kudawunilodi chilichonse bwinobwino. Vuto lake ndi loti kamatuluka koma sikalowedwa. Ndinayesa kulowamo ndi ssh kuchokera pa laputopu kupita ku 10.0.2.15, zii. Ndinadzutsa kachiwiri kuti kazipempha adiresi kwa koyamba, nako kakuti ndine 10.0.2.15, tonse tiwiri dzina limodzi koma sitikuonana, chifukwa kalikonse VirtualBox amakapangira kadziko kakekake. Pano ndikudziwa kuti za ssh zija zimangofuna kuboola khomo limodzi kaviyemu kali kozimitsa:

```
VBoxManage modifyvm "seva" --natpf1 "ssh,tcp,,2222,,22"
ssh -p 2222 ine@127.0.0.1
```

Koma tsikulo ndinalibe mtima umenewo, ndinangotsegula Settings, Network, kusankha Bridged Adapter, zonse n'kuyamba kuyenda nthawi yomweyo. Ndiye mundiuze, ndani amakayikira chinthu choti chayenda?

Bridged amatenga kaviyemu n'kukaika pa netiweki yeniyeni ngati kompyuta ina yoti mwaibaya kebulo yakeyake. Kamakhala ndi MAC yake, nambala yozindikiritsa khadi lake la netiweki, rauta imakapatsa adiresi ngati wina aliyense, aliyense amakaona nakonso kamamva zonse zofuulidwa pa netiwekiyo. Pa waifai nthawi zina zimavutavuta, koma ine mwatsoka ndinali pa kebulo ndiye zinagwira mosanyinyirika. Ndinakawonjezera adiresi ya 10.10.10.1, kuika pulogalamu yogawa maadiresi ya dnsmasq, n'kulemba timizere tiwiri:

```
dhcp-range=10.10.10.50,10.10.10.150,12h
dhcp-authoritative
```

Mzere wachiwiriwo ndinauika chifukwa umamveka waudindo. Tanthauzo lake kwenikweni ndi kuuza dnsmasq kuti pano palibenso wina wogawa maadiresi koma iwe, wina akabwera ndi adiresi yomwe sukuidziwa usamangomuyang'ana, umuyankhe.

Apa ndi pomwe muyenera kumvetsa kuti DHCP ilibe ulemu wofunsa kuti mwini netiweki ndani. Foni kapena laputopu ikangolowa imafuula kwa onse kuti ndipatseni adiresi, ndipo kawirikawiri imatenga ya amene wayankha msanga. Kaviyemu kanga kanalibe ntchito ina iliyonse padziko lapansi, kamangodikira kuyankha. Komanso dnsmasq ukapanda kuiuza china, imauza makasitomala ake kuti njira yotulukira komanso DNS, yomasulira mayina a mawebusaiti kukhala maadiresi, ndi iyo yomwe. Ndiye anthu amalandira 10.10.10.chakuti, kulozeredwa kwa kaviyemu kanga, komwe sikamapititsa kanthu kulikonse. Waifai ikuonetsa mizere yonse yodzadza, intaneti palibe.

Tsono ine nditatsegula `/var/lib/misc/dnsmasq.leases` ndinaona mizere ikuchuluka, ndinasangalala amwene! Ndinajambula sikirini. Ndinakhala tsonga pampando, manja kumbuyo kwa mutu, kumadzifunsa kuti kodi anthu amati netiweki ndi yovuta bwanji. Sindinadabwe n'komwe kuti ndili ndi kaviyemu kamodzi kopempha koma makasitomala akusefukira, ena mayina a mafoni, ina pulinta, ina laputopu yokhala ndi dzina la bwana lenileni. Ndinaliwerenga dzinalo, ndinaliwerenganso, mumtima n'kuti zangofanana.

Kunja uku phokoso linali litayamba. Chosokoneza n'choti si onse anagwa, amene anali pa netiweki kuyambira m'mawa amagwirabe ntchito ndi maadiresi awo akale, ogwa anali ongofika kumene ndi amene azimitsa n'kuyatsanso. Ndiye aliyense wodandaula amauzidwa kuti tazimitsani muyatsenso, ndipo amene amapereka malangizo amenewo mokweza kuposa onse ndinali ine. Ndimawatumiza ndekha kwa kaviyemu kanga mmodzimmodzi.

Achimwene oyang'anira makompyuta atabwera sanataye nthawi. Pa laputopu ya bwana analemba `ipconfig /all`, pamzere wa `DHCP Server` panali 10.10.10.1 pomwe ofesi yonse imayendera 192.168.1.chakuti. Akuti pali wina wabweretsa seva yake muno. Ine ndili pambali pawo, "Eee, anthu ena alibe chisoni bwana, ameneyo apezeke basi." Nambala ija imandikumbutsa chinachake koma ndimati maadiresi amafanana. Kenako `arp -a`, MAC yake ikuyamba ndi 08-00-27. Achimwene aja anangoti, "Iyi ndi ya VirtualBox iyi. Muno amagwiritsa VirtualBox ndani?"

Anthu onse kutembenuka. Sikirini yanga ili poyera, windo lakuda lili gwa, dzina la bwana lili pamzere wake pamodzi ndi adiresi yomwe ndawapatsa ine mwaulere kwa maola 12. Ndinayesa kutseka laputopu pang'onopang'ono ndi chala chimodzi ngati ikudzitseka yokha. Bwana anangofunsa kuti, "Achimwene, ameneyo apezeke munati?" Ine n'kuti, "Wapezeka bwana."

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi chifukwa cha kuphweka, kuzimitsa kaviyemu, kenako aliyense `ipconfig /release` ndi `ipconfig /renew`, mafoni kuchotsa waifai n'kubwezeretsa. Kenako anandikhazika pansi kundionetsa Host-only Adapter, yomwe inali pamndandanda womwewo nthawi yonseyi. Imeneyo imapanga kanetiweki kongokhala m'kati mwa laputopu, laputopuyo imakhala 192.168.56.1, timaviyemu timaonana tokhatokha komanso timaonana ndi laputopu, koma palibe chotulukira pa kebulo, ngakhale intaneti kulibe. Kufuula kwa DHCP kumathera momwemo. Amandiuza kuti ntchito yangayo imafuna makhadi awiri, Adapter 1 pa NAT yongodawunilodira, Adapter 2 pa Host-only yoyeserera, kuzimitsa DHCP ya VirtualBox yomwe imagawa kuyambira 192.168.56.101 kuti isapikisane ndi yanga, kusintha `dhcp-range` igwirizane ndi netiwekiyo, n'kumanga dnsmasq pa khadi lachiwiri lokha ndi `interface=enp0s8`.

Bridged sanaletse ayi, akuti ili ndi malo ake, monga ukafuna kuti foni kapena kompyuta ya mnzako itsegule webusaiti yomwe ili m'kaviyemu, ndipo netiwekiyo ndi yako kapena wapempha. Kungoti chilichonse choyankha anthu osachifunsa dzina, ngati DHCP, chisayandikire kumeneko.

Komabe tinene zoona, maswitchi abwino ali ndi `DHCP snooping` yomwe imaletsa yankho la DHCP kuchokera pa doko losadalirika, ndipo pathu sinali yoyatsa. Ndiye tinganene kuti ine ndinawayezera chitetezo mwaulere. Ndinayesa kunena zimenezi pamsonkhano, palibe anaseka, palibenso anathokoza. Ndiponso seva yanga inagwira ntchito, imeneyo palibe akuitchula.

Pulinta ija inakakamirabe 10.10.10.chakuti mpaka mawa lake, palibe anakumbukira kuizimitsa. Akuti nayonso ndi mlandu wanga. Chabwino.