Firiji ya achemwali ku Chitakale

Loweruka usiku, Mulanje

M'mawa achemwali anandiimbira foni kuti firiji yawo yasiya kuumitsa mafilizesi, mwina gasi watha. Ndinawapempha kuti asaitane kaye wokonza, n'kukwera kabaza.

Nditafika ndinayesa kupisa dzanja kumbuyo kwake, koma silinalowe. Anaikankhira kukhoma mpaka kugunda, kuka ali pambali pomwepo, dzuwa lamadzulo lolowera pawindo nalonso limaiwomba. Ndinawauza kuti, "Achemwali, firiji imachotsa kutentha m'kati n'kukutayira kunja kudzera m'timapaipi takuda takumbuyoti. Mpweya ukapanda kudutsa apa, kutenthako kupita kuti?" N'chifukwa chake injini yake imangolira osapuma, mayunitsi akutha, zinthu osauma. Timapaipito tinali titakutidwanso ndi fumbi ndi maukonde a akangaude.

Tinaizimitsa, tinapukuta, kenako ine ndi alamu tinaisunthira pabalaza, pakona pomwe sipafika dzuwa. Sitinaigoneke, chifukwa ikagona mafuta a mu injini amalowa m'mapaipi, ndipo pamafunika kudikira maola angapo musanaiyatse. Kumbuyo tinasiya masentimita 10, m'mbali pafupifupi 5. Nsalu ndi madengu zomwe amaunjika pamwamba pake tinachotsa.

Simenti yapabalazapo ndi yotsetsereka, ndiye firiji imagwedera ukaikhudza. Alamu amafuna kuika katoni kunsi, ndinakana, katoni imanyowa n'kuphwafuka. Timiyendo takutsogolo timazungulira ngati bawuti. Ndinapotokola mpaka inakhazikika, kutsogolo kutakwera pang'ono kuti chitseko chizibwerera chokha. Ndinapanitsa pepala pachitseko n'kukoka, linalimba, kusonyeza kuti labala ikugwira bwino.

Chomwe chandisowetsa mtendere ndi ekisitenshoni. Inali ija yachingwe chowonda, firiji ndi ketulo pamodzi, chingwe chitadutsa pansi pa mkeka. Pulagi inali yofunda, timabowo titayamba kuda ngati topserera, kafungo ka pulasitiki kakumveka. Ketulo payokha imakoka mawati pafupifupi 2,000, ndipo firiji nayo pomwe injini ikudzuka imakoka mphamvu yoposa kangapo yomwe imadya ikamayenda. Nditatsegula ekisitenshoniyo ndinapeza mawaya awiri okha, wa efi, uja amatayira pansi magetsi osochera, mulibe. Ndiye kuti waya wamagetsi atakhudza chitsulo cha firiji m'katimo, mwana wotsegula chitseko alibe nsapato akhoza kugwidwa nyesi. Ana awo ndiwo amatenga mafilizesi tsiku lonse, ndipo firiji imakhala yoyaka usiku anthu ali m'tulo.

Pakona tinasankhapo pali soketi yapakhoma, ndiye firiji yatenga yakeyake. Ndawauzanso agule gadi wa firiji, uja amadikiritsa mphindi zingapo magetsi akabwera atazima. Ekisitenshoni ija ndabwera nayo kuno kuti isabwererenso pantchito.

Cha m'ma 8 koloko achemwali atumiza uthenga kuti injini yayamba kumapuma, mafilizesi apansi agwira kale. Mawa m'mawa akaone apamwamba.