Sefa yanga inameza ndemanga za anthu osalakwa kwa masabata atatu

Lero ndatsegula mndandanda wa ndemanga zodikira kuvomerezedwa pa webusaiti yanga n'kupezamo 14 zokha, ndipo ndaziwerenga zonse pasanathe mphindi khumi. Mtima wakhala pansi tsopano. Koma Loweruka lija limandiwawabe ndikalikumbukira, ndiye ndati ndilembe mmene ndinadutsira, mwina wina sangataye tsiku lathunthu ngati mmene ndinatayira ine.

Chinandichititsa kuyamba zonsezi ndi kutopa. Ndemanga zinkabwera pafupifupi 500 patsiku, zina zotukwana, zambiri za otsatsa malonda abodza, ndipo ndinkaziwerenga ndekha usiku. Ndinalemba mawu otukwana okwana 60, n'kuuza pulogalamu kuti ikapeza amodzi mwa mawuwo ifufute ndemangayo pompo. Lamulo lake linali lalifupi chonchi:

```python
if mawu in uthenga.lower():
    fufuta(uthenga)
```

Zotukwana zinachepadi, ine n'kumagona bwino. Patatha masabata atatu ndinalandira imelo ya mayi wina amene wakhala akulemba ndemanga zaulemu kwa zaka. Anati, "Pepani bambo, kodi ndinakulakwirani chiyani? Ndalemba kanayi konse koma sizikuoneka." Ndinaima mutu. Mayiwa sanatukwanepo munthu chiyambire.

Loweruka lonse linathera pamenepo. Ndinayamba kukayikira fomu, ndinaiyesa pa foni ndi pa kompyuta, inali bwinobwino. Ndinakayikira seva, kenako malo osungira ndemanga. Kaundula wa seva ankaonetsa kuti mayiwo anatumizadi kanayi, nthawi yake ikuoneka, koma mawu amene analemba munalibe, chifukwa kaundulayo sasunga zimenezo. Ndipo pulogalamu yanga sinkalemba paliponse kuti yafufuta chiyani, kapena chifukwa chake. Ndinkafufuza chinthu chomwe ndinachiwononga ndekha osasiya ngakhale phazi. Dzuwa litapendeka ndinawapempha kuti anditumizire mawu enieniwo, ndipo anali awa: "Mulekeni alankhule, nafenso timve mbali yake."

Ndinawerenga kangapo osaona vuto. Kenako ndinayang'ana zilembo zinayi zomalizira za "alankhule". Pa mndandanda wanga panali mawu oti "hule". Lamulo lija silinkafuna mawu oima paokha, linkangofuna zilembo zinayizo zitatsatizana paliponse. Ndiye kuti aliyense amene analemba "tiyankhule", "mutchule dzina", ngakhale "chule", ndemanga yake inapita osabwerera. Chinandipweteka kwambiri n'choti mawu ngati "alankhule" amalembedwa ndi anthu amene akuziziritsa mkangano. Sefa inkachotsa oyanjanitsa enieniwo.

Vutoli si lachilendo. Limatchedwa vuto la Scunthorpe, chifukwa mu 1996 sefa ya AOL inkakaniza anthu a m'tauni ya Scunthorpe ku England kutsegula maakaunti, poti mkati mwa dzina la tauniyo muli zilembo zopanga mawu otukwana a Chingerezi. Koma m'chinenero chomwe mawu amamera mitu ndi michira ngati chathuchi, msamphawu uli paliponse.

Choyamba chomwe ndinachita usiku womwewo, ndisanakonze n'komwe lamulo, ndi kuchotsa mphamvu yofufuta. Ndikupemphani, sefa ya mawu musaipatse mphamvu yofufuta. Iziika ndemanga pambali, izilemba mawu amene aikola, basi. Ndemanga za masabata atatu aja sindinazipezenso, ndipo sindidziwa kuti ndi anthu angati anangochoka mwakachetechete poganiza kuti sitikuwafuna. Mayi aja okha ndi amene anadandaula.

Kukonza lamulolo kunali ndi msampha wakenso. Njira yodziwika ndi kuuza pulogalamu kuti ifune mawu oima paokha, pogwiritsa ntchito `\b`, chizindikiro cha malire a mawu, kumayambiriro ndi kumapeto. Ndinatero, "alankhule" n'kupulumuka, koma nthawi yomweyo "mahule" ndi "huleyo" anayamba kudutsa. Ndinafika pa ichi: kutsogolo ndimatchula ndekha mitu yomwe mawuwo angatenge, kumbuyo ndimasiya potseguka.

```python
re.search(r"\b(ma|u|chi|ka)?hule\w*", uthenga.lower())
```

Izi zimagwira "mahule", "chihule" ndi "huleyo", koma "chule" ndi "mutchule" sizikhudzidwa. Mawu alionse pa mndandanda amafuna kuwaganizira paokha motere, ndipo nditakhala pansi kuchita zimenezi mndandanda unatsika kuchoka pa 60 kufika pa 22. Mawu ngati "galu" ndi "mbuzi" ndinawachotseratu, chifukwa anthu ambiri owalemba amanenadi za ziweto. Ngakhale "uhule" amene, munthu atha kumakamba nkhani yofunika ya umoyo wa anthu, osati kunyoza wina. Makina sangasiyanitse zimenezo. N'chifukwa chake ndikuti iziika pambali, isamafufute.

Ndinaiwala kunena kuti musanayike lamulo latsopano, muziliyesa kaye pa ndemanga zakale zomwe munazivomereza kale. Ine ndinatenga 2,000 zakale n'kuziyendetsa mu sefa, ndipo chilichonse chomwe yakola ndinkachiwerenga. Ndikanachita zimenezi pa tsiku loyamba, "alankhule" akanaonekera m'mphindi ziwiri.

Otukwana nawo sagona. Amalemba "hul3", "h.u.l.e", kapena kulowetsa pakati pa zilembo kachizindikiro kosaoneka ka U+200B. Kusintha 3 kukhala e ndi kuchotsa zizindikiro zosaonekazo musanasefe kumathandiza. Koma musachotse mipata yonse ya pakati pa mawu pofuna kugwira "h u l e", chifukwa mukatero malire a mawu atha ndipo mwabwerera ku vuto loyamba lija. Ndinavomereza kuti ena azidutsa, owerenga azindiuza kudzera pa batani lodandaulira.

Za sipamu, ndemanga za otsatsa malonda abodza zija, sizinandivute kwambiri poyamba, chifukwa roboti imadziulula ndi khalidwe lake, osati mawu. Ndinaika mu fomu kabokosi kobisika komwe munthu sakaona pa sikirini, koma roboti imakadzaza poti imadzaza chilichonse chomwe yapeza. Ndinayambanso kuyeza nthawi kuchokera pomwe fomu yatsegulidwa kufika pomwe yatumizidwa, chifukwa palibe munthu amene angalembe ndime yathunthu m'masekondi atatu. Chizindikiro chilichonse ndinachipatsa mapointi. Kudzaza kabokosi kobisika ndi 6, kutumiza pasanathe masekondi atatu ndi 3, malinki awiri kapena kuposa ndi 2, kubwereza uthenga womwewo ndi 3, kukhala mlendo amene sanavomerezedwepo ndi 1. Ndemanga ikapeza 2 kapena kucheperapo imaoneka nthawi yomweyo. Kuyambira 3 mpaka 5 imapita pa mndandanda wodikira munthu. Ikafika 6 imalowa m'bokosi la sipamu, momwe imakhala masiku 30 isanachotsedwe.

Kutseka adiresi ya IP ndinakusiya msanga. Pa intaneti ya mafoni anthu ambirimbiri amatulukira pa adiresi imodzi, ndiye ukatseka wosokoneza mmodzi watsekera limodzi khamu la anthu osadziwana.

Mapointiwa ndi amene anandipweteketsanso kachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mnyamata wina watsopano analemba ndemanga yabwino kwambiri, n'kuikamo malinki awiri osonyeza komwe anatenga mfundo zake. Kukhala mlendo 1, malinki 2, zonse 3, ndiye inapita kukadikira. Mpaka apo zonse zinali bwino. Koma iye sanaone kanthu pa sikirini, anaganiza kuti netiweki yamudula, n'kutumizanso. Ulendo uno kunawonjezeka 3 ya kubwereza, zinakwana 6, ndipo inagwera m'bokosi la sipamu. Anayesa kachitatu, chimodzimodzi. Dongosolo langa lomwe linamukankhira ku khalidwe lomwe limalanga. Mayi aja nawonso paja anatumiza kanayi pa chifukwa chomwecho.

Mwayi wake ulendo uno palibe chinafufutidwa, ndipo pambali pa ndemanga iliyonse panalembedwa mapointi ndi zifukwa zake, ndiye ndinaona vutolo m'mphindi zisanu. Ndinakonza ziwiri. Tsopano ndemanga ikapita kukadikira, mwini wake amaiona pansi pa nkhaniyo ndi mawu oti "Ndemanga yanu yalandiridwa, ikudikira kuti iwerengedwe." Ndipo munthu yemweyo akatumizanso uthenga womwe ukudikira kale, pulogalamu imangouphatikiza ndi woyamba popanda chilango. Mapointi a kubwereza amawerengedwa pokhapokha uthenga umodzi ukuchokera ku maakaunti osiyana kapena ukumwazidwa pansi pa nkhani zosiyanasiyana, poti ndi mmene otsatsa amachitira.

Mndandanda wodikirawo musauone ngati kotaya zovuta. Sabata yoyamba unkadzaza ndi ndemanga zoposa 100 patsiku, chifukwa mantha a Loweruka lija anandichititsa kutumizako chilichonse. Pofika tsiku lachitatu ndinadzipeza ndikuvomereza osawerenga, ndipo mndandanda womwe suwerengedwa ulibe ntchito. Chinauchepetsa kwambiri ndi kukhulupirira anthu odziwika: munthu akavomerezedwa katatu popanda dandaulo, malinki ake sawerengedwanso, ngakhale sefa ya mawu imamuyang'anabe. Ndinaikanso kuti zakale zizikhala pamwamba, mawu okoledwa azioneka ndi mtundu wina, ndipo mabatani akhale atatu okha: vomereza, kana, sipamu. Ndimautsegula m'mawa ndi madzulo. Ndemanga ikadikira tsiku lathunthu zokambirana zimakhala zapita patali, ndipo kwa mwini wake sizisiyana ndi kukanidwa.

Pali chinthu chimodzi chomwe mndandandawu sungakuuzeni, ndicho zolakwa za kumbali ziwiri zija zomwe makina amagamula okha. Tangowerengani: sefa ikamalakwitsa ndemanga imodzi pa 100 iliyonse, pa 500 za tsiku limodzi ndi anthu asanu, pa mwezi ndi 150. Ambiri a iwo sadzakulemberani imelo. Choncho Lachisanu lililonse ndimatenga 20 m'bokosi la sipamu ndi 20 mwa zomwe zinadutsa zokha, n'kuziwerenga chimodzichimodzi. Ndikapeza munthu weniweni m'bokosi la sipamu ndimamubweza, kenako ndimayang'ana lamulo lomwe linamugwetsa. Ndi mmene ndinazindikirira kuti lamulo la masekondi atatu linkakola anthu olemba "Zikomo kwambiri" basi, ndiye tsopano limagwira ntchito pa ndemanga zopitirira mawu 15 zokha.

Zonyoza zopanda mawu otukwana, monga kuopseza munthu mwaulemu kapena kumunamizira, sefa yanga siziona n'komwe, ndipo zimenezo ndimadalira batani lodandaulira lija. Madandaulo atatu ochokera kwa anthu osiyana amabweza ndemanga ku mndandanda wodikira. Apanso sindinalole kuti ifufutidwe yokha, chifukwa anthu atatu ogwirizana atha kutseka pakamwa aliyense amene sakugwirizana naye.

Mayi aja ndinawapepesa n'kuwafotokozera za zilembo zinayi zija. Anayankha kuti amva, ndipo dzulo alembanso ndemanga. Chiganizo chawo chija ndinachiika pamwamba pa ziganizo zoyesera, ndipo lamulo latsopano lililonse liyenera kuchilola kudutsa ndisanaliyatse.