Afilipi 4:13 m'kanema wa masekondi 20

Sabata ino ndakhala ndikuphunzira kuika vesi m'kanema wamfupi, ndipo ndinasankha Afilipi 4:13 poganiza kuti ndimaidziwa bwino. Ndinailemba kuchokera m'mutu, ndi mawu akuti “mwa Khristu”, pansi pake n'kulembapo Buku Lopatulika. Nditatsegula Baibulolo ndinapeza kuti limati: “Ndikhoza zonse mwa Iye wondipatsa mphamvuyo.” Dzina la Khristu pavesiyi limapezeka m'Mabaibulo ena, monga King James ya 1611, chifukwa mipukutu ya Chigiriki imasiyana pamenepa. Tanthauzo silinasokonekere kwenikweni, komabe ndinali nditanamizira Baibulo lina mawu omwe mulibemo, ndipo zinandikhudza. Tsopano ndimakopera liwu ndi liwu, Baibulo lili chotsegula.

Dzina la Baibulo ndimalilemba pamzere umodzi ndi buku, chaputala ndi vesi, ndipo mzerewo suchoka mpaka vesi yonse itatha. Ndimauika chapakati, chifukwa m'munsi ndi m'mbali mumaphimbidwa ndi mabatani ndi dzina la mwini kanema. Munthu akajambula chithunzi cha pafoni n'kutumizira mnzake, mzerewo upite nawo limodzi.

Chomwe chinandidyera nthawi ndi nkhani yozungulira vesiyo. Poyamba ndinaika mawuwo pa chithunzi cha wothamanga akupambana mpikisano. Kenako ndinawerenga kuyambira vesi 10 mpaka 20. Paulo akulemba ali m'ndende, akuthokoza Afilipi chifukwa cha mphatso yomwe Epafrodito anam'bweretsera. Pa vesi 11 ndi 12 akunena kuti waphunzira kukhutira ndi zomwe ali nazo, kaya wakhuta kaya ali ndi njala, kaya zachuluka kaya zasowa. “Zonse” za pa vesi 13 ndi zimenezo. Ndiye kuti chithunzi changa chinkalalikira zina, ngakhale mawu onse anali olondola. Ndisanawerenge ndimeyi sindinkaganiza kuti chithunzi nachonso chimamasulira vesi.

Ndinagawa masekondi 20 aja motere. Asanu oyamba ndinaika chiganizo changa: Paulo analemba izi ali m'ndende, atadziwa njala ndi kukhuta komwe. Chiganizochi chili ndi mtundu wina wa zilembo ndipo chilibe zizindikiro zogwira mawu, kuti wina asachiyese Malemba. Masekondi asanu ndi awiri otsatira ndi mbali yomaliza ya vesi 12, yoyamba ndi timadontho titatu posonyeza kuti ndadula. Otsalawo ndi a vesi 13. Mzere uja unasintha kukhala Afilipi 4:12b-13. Wothamanga ndinamuchotsa, n'kusiya mtundu umodzi wopanda chithunzi.

Poyesa, ndinaonetsa mnzanga kanemayo mawu omveka atazimitsidwa, n'kumupempha kuti apeze ndimeyo m'Baibulo lake ndi kundiuza zomwe Paulo ankanena. Ndimeyo anaipeza msanga, koma anati vesi 12 inachoka asanamalize kuwerenga. Ndinachotsa masekondi awiri ku vesi 13, yomwe ndi yaifupi, n'kuwonjezera ku vesi 12.