Mbidzi yotsogolera kwaya

Kwaya yathu ya ku Kasungu imavala magofu akuda, ndipo woimbitsa kutsogolo ndine. Loweruka lina mu Okutobala tinali ndi ukwati ku Santhe. Dzuwa linali loswa mtengo, ndiye rolo-oni ndinapaka mosaumira, n'kulowetsa malaya pompo isanaume.

Potsika minibasi, mlamu wanga Nabanda anandiyang'ana m'nthitimu n'kuphulika. "Alamu, mbidzi imeneyi yathawa ku Lifupa?"

Mizere yoyera mbee, kuchokera m'khwapa mpaka m'chiuno! Ndinathamangira pamjigo n'kupukuta ndi madzi. Inazimiririka, mtima unakhala pansi. Madzi atauma inabwerera, tsopano yotambalala.

"Madzi amangoimwaza. Vulani sokosi," anatero Nabanda, amene amagulitsa kaunjika ndipo zimenezi amazidziwa.

Ndinaima ndi mwendo umodzi kuseri kwa tchalitchi iye akukwecha ndi sokosi yanga ya nayiloni, youma. Zoyerazo zinkayoyoka ndikuona. Akuti zikakhala zatsopano zimangokhala pamwamba pa nsalu, moti ngakhale kupekesa malayawo okhaokha kumachotsa. Koma atafika m'khwapa anaima, n'kugogoda ndi chikhadabo.

"Ichi n'chikwangwa, alamu. Mumasita pamenepa?"

Inde ndinkasita, ndi simbi yamakala yofiira bwino. Rolo-oni yoletsa thukuta imakhala ndi aluminiyamu. Akasakanikirana ndi thukuta ndi mafuta a m'thupi amakanirira mu ulusi, simbi n'kudzawotchera momwemo. Pamenepo sokosi inagonja. Tsiku lonse ndinaimbitsa kwaya zigongono zili m'nthiti, mpaka mayi wina anandifunsa ngati ndili ndi chithupsa.

Lolemba Nabanda anabwera ndi viniga woyera. Anatembenuza malaya kunja kukhala mkati, n'kuthira m'beseni kapu imodzi ya viniga ndi makapu anayi a madzi ofunda, n'kuviika ola lathunthu. Kenako anapaka sopo wotsukira mbale pang'ono m'khwapamo, kukwecha ndi mswachi wakale, kuchapa, n'kuyanika pamthunzi. Chikwangwa chakale sichitha ulendo umodzi. Pakauma pakhala pogwirabe, mumabwereza musanasite. Nditatchula jiki anandidula pakamwa: amasasula malaya akuda, ndiponso akakumana ndi viniga amatulutsa mpweya wapoizoni.

Malamulo anandisiyira ali pakhomo. Ndizipaka pang'ono, m'khwapa mouma, makamaka usiku pogona, chifukwa aluminiyamuyo amatseka bwino timabowo ta thukuta munthu asakutuluka thukuta. Ndikapaka m'mawa ndizidikira iume, ndipo povala ndizipinda m'munsi mwa gofu kuti mukhudze khungu ndi mkati. Ndikavula, lichapidwe lisanagonere m'dengu sabata yonse.

Gofu langa lachiwiri ndinachapa ndekha, viniga wosamuyeza, kutsukuluza kamodzi. Lamulungu ndinatambasula manja m'mwamba monyadira. Kamnyamata ka kutsogolo kananunkhiza, n'kufunsa mokweza kuti ndani walowa ndi tchipisi m'tchalitchi.