Nyani pamalo pa apongozi

A tcheyamani a alimi a sitiroberi kuphiri la Zomba ankayankhula bwinobwino mpaka pamene anasokoneza mtengo wa feteleza. Anaima, nayetsemula, navula chipewa kupukuta thukuta, n'kuyambiranso chiganizo chipewa chili pabondo. Ine kuseri kwa kamera ndinangoti tikakonza pakompyuta.

Kuchotsa cholakwacho n'kosavuta: umadula pamene chayambira, kudulanso pamene chathera, n'kulumikiza mbali ziwirizo. Imeneyo ndiyo jampukati. Mawu amamveka osalala, koma poti kamera sinasunthe, mutu wa munthu umadumpha. Woyankhulayo akasuntha pang'ono chabe, anthu ozolowera YouTube sadandaula, ndipo ena amaikonda chifukwa sibisa kuti pachotsedwa mawu. Koma kwa ine chipewa chinangoti zii pakati pa chiganizo, dazi n'kuwala. Mng'ono wanga ataona anafunsa ngati mkuluyo ndi wokhwima.

Ndinayesa Morph Cut ya mu pulogalamu yokonzera makanema ya Premiere Pro, imene imasungunula nkhope ziwiri kuti zioneke imodzi. Imathandiza pokhapokha mutu usanasunthe kwenikweni. Apa chipewa chinamira m'mutu ngati majarini pansima yamoto. Kukulitsa chithunzi cha mbali yachiwiri kuti chioneke cha kamera ina kukanathandiza pa kudumpha kwa mutu, makamaka ndikanajambula mu 4K, imene imatulutsa chithunzi chakuthwa kwambiri, osati 1080p, koma chipewa sichikanabwerera.

Inatsala katawe. Mawu amapitirira pansi, koma pamwamba pa chilondacho umaphimba ndi chithunzi china kwa masekondi awiri kapena atatu: manja, munda, mbale ya zipatso. Diso likachoka pankhope n'kubwerera, limavomereza kuti chipewa chinavulidwa tikuyang'ana kwina. Vuto n'lakuti zithunzi zoterezi umayenera kuzijambula ukadali komweko, ndipo ine, mvula itayamba, ndinathawira panjinga yamoto. Chokhacho chimene ndinali nacho chinali nyani amene ndinamujambula mwachisangalalo mumsewu wa Ku Chawe, atakhala pamwala akukukuta chimanga. Ndinati ndi wa kuphiri komweko, alowe. Magetsi anali pafupi kuzima, choncho ndinamuika osamveranso mawu.

Katawe ili ndi khalidwe limodzi: oonera amamangiriza chithunzi ku mawu amene akumveka nthawi yomweyo, kaya iwe unafuna kapena ayi.

Tinakaonetsa kanemayo kumudzi, pakhoma la tchalitchi. A tcheyamani anaoneka bwino ndi chipewa chawo, kenaka mawu awo anamveka: "Pokolola, amene amandithandiza kwambiri ndi apongozi anga." Pakhoma ponse, nyani akutafuna.

Ana anagubuduka m'fumbi. Amayi ena achikulire pabenchi yakutsogolo anakonza chitenje n'kutembenuka pang'onopang'ono. A tcheyamani anandinong'oneza:

"Achimwene, njinga yanu ija mwaimika pati? Kailizeni, tikwere tonse."