Ulendo wathu wa ku Kachulu: mmene tinasinthira mawu a pa tisheti

Loweruka lapitali ife a kalabu ya achinyamata tinanyamuka mu tauni ya Zomba pa lole kupita ku doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, kukacheza ndi anzathu a gulu la zisudzo. Nkhani inali ya matisheti a kolera. Amene akutithandiza ndalama anatitumizira mawu akuti "Don't be a dope, wash with soap" nkuti tiwaike m'Chichewa, koma akhalebe oseketsa.

Ife tinapita ndi yathu kale: "Usakhale chitsiru, samba ndi sopo." Anzathu aja anangoti tiyeni kudoko, tikawerengere anthu amene Chingerezicho sanachione, tiwafunse kuti akuuzidwa kuti atani. Mayi wina wogulitsa matemba anati, "Ana inu, ndiye mukuti ife sitisamba?" Apa ndi pomwe panaonekera vuto, kusamba ukangokusiya pakokha anthu amamva thupi lonse, pafunika kunena kuti m'manja. Chinanso, "usakhale" ndi mawu ouza mwana, ndiye mnyamata avale zimenezo pachifuwa nkukaima pamaso pa amfumu? Komanso chitsiru nkutukwana basi, pomwe pa Chingerezi paja mawuwo ngopepuka ndipo anangowasankha chifukwa mathero ake akumveka mofanana ndi a sopo. Palibe anaseka olo mmodzi.

Mkulu wa gulu lawo anati musalimbane ndi mawu, funsani kaye kuti uthengawu ukugwira ntchito zanji. Ukuuza munthu chochita, ukukoma mkamwa, ukuseketsa. Zitatuzo zikapulumuka mawu enawo atha kufa.

Tinayesa kupotoza mwambi, "Chala chimodzi sichiswa nsabwe, madzi okha sapha kolera." Akuluakulu anagwedeza mutu kuvomereza, koma ndi yaitali, pa tisheti zilembo zingachepe kwambiri, komanso sopo weniweniyo sakutchulidwa. Ine ndimaikondabe koma ya pa wailesi imeneyo.

Yokoma inachokera kwa msodzi wina wa m'zimbowera, nyumba zoyandama zija, kumene chimbudzi ndi madzi akumwa ndi nyanja yomweyo. Amvekere, "Nsima timasunsa ndiwo, osati za kuchimbudzi." Doko lonse linafa nacho chiseko, chifukwa aliyense anaona dzanja likupita mu mbale, ndipo palibe amene wanyozedwa poti akuti timasunsa, tonse tilimo. Mtsikana wathu wina nkuwonjezera kuti "Sopo pompopompo!" ndipo ana anayamba kuimba pomwepo akuomba m'manja.

Titafunsanso anthu ena atsopano kuti mawuwa akuti mutani, ambiri anati tisambe m'manja ndi sopo tikachoka kuchimbudzi, tisanadye. Mayi mmodzi wa kumpingo anadandaula kuti nsima ndi chimbudzi sizitchulidwira pamodzi, ndiye tagwirizana kuti kutsogolo kukhale "Sopo pompopompo!" ndi chithunzi cha manja, za nsimazo zipite kumsana. Otithandiza aja tiwalembera zonsezi Lolemba, asadabwe kuti chitsiru chawo chapita kuti.