Mmene ndinakonzera sikirini kuti igwirizane ndi maso anga

Maso anga ali ndi mavuto awiri. Zilembo zing'onozing'ono zimandionekera mbuu ngakhale nditavala magalasi, komanso chibadwire zofiira ndi zobiriwira sindizisiyanitsa bwino. Ntchito yanga yambiri ndi ya mu Excel, pakompyuta ya Windows 11, ndipo anzanga amapaka mtundu wofiira pa amene sanalipire, wobiriwira pa amene alipira. Kwa ine zonsezo zinkangooneka zofanana, zoderako.

Ndinayamba ndi kudina `Windows + U`, zomwe zimatsegula tsamba la Accessibility, lomwe lili ndi zothandiza anthu ovutika kuona kapena kumva. Poyamba penipeni pali Text size. Ndinakokera kachizindikiro kake pa 150%, ngakhale kamafika mpaka 225%, kenako ndinadina Apply. Langizo langa ndi lakuti muyambire pomwepa musanathamangire chokulitsira, chifukwa zilembo za mmamenyu zikakula, simudzafunikanso kukulitsa sikirini yonse nthawi ndi nthawi.

Chokulitsiracho dzina lake ndi Magnifier. Chimayaka ndi `Windows` pamodzi ndi `+`, chimachepa ndi `Windows` pamodzi ndi `-`, ndipo chimazima ndi `Windows + Esc`. Batani lozimitsirali liloweni pamtima musanayatse, poti sikirini ikakula kwambiri munthu umasowa ndi potsekera pomwe.

Vuto lake lili pa kalumphidwe. Mmene chimabwerera, ukadina kamodzi chimawonjezera 100% yathunthu. Pa 200% zinthu zimakula kawiri mulitali ndi mulifupi, choncho umaona gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a sikirini. Pa 400% watsala ndi gawo limodzi mwa 16. Mu Excel zimenezi ndi zowawa, chifukwa ukaona ndalama kudzanja lamanja, dzina la mwiniwake kumanzere lasowa. Ndinapita pa Magnifier m'tsamba lomwe lija n'kusintha Zoom increment kukhala 25%. Tsopano ndimakwera pang'onopang'ono, 125, 150, 175, mpaka pomwe ndawerenga osatsinzinira, ndipo ndimaimira pomwepo. Kupitirira apo n'kungodzichotsera malo.

Kaonekedwe kake kali mitundu itatu. `Ctrl + Alt + F` imakulitsa sikirini yonse, `Ctrl + Alt + D` imaika kawindo kokulitsa m'mphepete mwa sikirini, ndipo `Ctrl + Alt + L` imapereka kagalasi koyenda ndi mausi. Powerenga kalata yaitali ndimasankha sikirini yonse. Pamatebulo ndimakonda kagalasi, chifukwa mizere yonse imakhalabe poonekera, ine n'kumangosuzumira nambala imene ndikufuna.

Kenako m'tsamba lomwe lija ndinayesa Contrast themes, njira yosinthira mitundu ya zilembo ndi yakumbuyo kwake. Ilipo inayi: Aquatic, Desert, Dusk ndi Night sky. Ndinasankha Night sky, yakuda kumbuyo zilembo zowala, ndipo maso anapepukidwa nthawi yomweyo. Kuthobwa kuja kwa tsamba loyera kunatha. Koma nditatsegula tebulo lija, mitundu yonse imene anzanga anapaka inali itazimirira. Sikuti fayilo yawonongeka ayi. Cholinga cha njira imeneyi n'kuchotsa mitundu yakumbuyo kuti zilembo zioneke bwino, ndiye ngati uthenga uli mu mtunduwo, umapita nawo limodzi. Mukaona mabokosi onse afanana mwadzidzidzi, dziwani kuti chachititsa ndi chimenechi. Dinani `Alt` wakumanzere, `Shift` wakumanzere ndi `Print Screen` nthawi imodzi, mitundu ibwerera. Mabatani omwewo ndiwonso amayatsa.

Choncho pa ntchito ya mitundu ndinatembenukira ku Color filters, sefa yosintha mitundu ya pasikirini. Mutayatsa, mupeza zosankha zingapo, koma za ife osasiyanitsa mitundu ndi zitatu: Red-green (green weak, deuteranopia), Red-green (red weak, protanopia) ndi Blue-yellow (tritanopia). Ziwiri zoyambazo mayina ake ndi ofanana, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti chofooka m'maso mwawo ndi chofiira kapena chobiriwira. Ine ndinaika tebulo langa mbali imodzi ya sikirini, tsamba la zosankhazo mbali inayo, n'kumasinthasintha uku ndikuyang'ana mabokosi awiri oyandikana, la Januwale lofiira ndi la Febuluwale lobiriwira. Ndi protanopia ankafananabe. Nditadina deuteranopia anapatukana, lina linadera, lina linawala. Patsamba lomwelo palinso poyatsira njira yachidule yoyatsira ndi kuzimitsira sefayo. Mukapanda kuyatsa pamenepo, `Windows + Ctrl + C` sigwira ntchito.

Kunena zoona, sefa imeneyi sichiza maso. Imangosuntha mitundu kuti imene inkasokonezeka italikirane, n'chifukwa chake nkhope za anthu pazithunzi zimaoneka zachilendo ikakhala yoyaka. Imagwiranso pasikirini yanu yokha. Mukasindikiza tebulolo papepala, zofiira ndi zobiriwira zibwerera mmene zinalili. Pachifukwa chimenechi ndinapempha anzanga kuti pambali pa mtundu aziwonjezera mawu akuti "walipira" kapena "sanalipire" m'bokosi lakelake, ndipo anavomera mosavuta.